Baji ya sukulu yathu: makina alembe, koma manambala tiwawerenge tokha



Aliyense amene waima pafupi ndi chikwangwani chathu chapageti waona kuti baji ya sukulu siikuoneka bwino. Ukakhala patali zonse zili bwino, koma ukayandikira umapeza kuti m'mphepete mwa nyenyezi muli timasitepe ngati mano a sowo. Osindikiza sanalakwe. Tinawapatsa kachithunzi kamene kanayenda m'mafoni angapo pa WhatsApp, kakuphwanyika pang'onopang'ono paulendo uliwonse, ndipo iwo anangokakulitsa. Chojambula choyambirira palibe amene akudziwa kumene chili.

Tsopano tikufunika baji yomweyo pa majezi a timu ndi pa chidindo cha ku ofesi. Ophunzira ena a Fomu 3 abwera ndi fayilo ya baji yatsopano imene inalembedwa ndi imodzi mwa mapulogalamu olemba mawu okha, a mtundu wa ChatGPT, Claude kapena Gemini. Makolo ena akuti umenewu ndi ulesi. Ena akuti tingoilandira, poti ndi yaulere. Ine monga mphunzitsi wa kompyuta ndikuti tiwalole anawa, koma pakhale lamulo limodzi: fayilo isapite kwa osindikiza pokhapokha ataimirira wophunzira amene angathe kufotokoza nambala iliyonse imene ili m'menemo. Chifukwa chake ndi chimene ndalembera nkhaniyi.

Pakompyuta pali njira ziwiri zosungira chithunzi. Chithunzi cha pafoni ndi timadontho tamitundumitundu tondandalikidwa m'mizere, totchedwa mapikiselo. Mukachikulitsa, timadontho timakula nato, ndiye timasitepe tija. Njira inayo imatchedwa vekita. Iyo sisunga madontho, imasunga malangizo: jambula chozungulira, pakati pake pakhale apa, kukula kwake kukhale kotere, uchipake mtundu wobiriwira. Malangizo sasintha ngakhale muwatsatire pa kachidindo kapena pa khoma lonse la holo. SVG ndi kalembedwe ka malangizo oterewa, kovomerezedwa ndi bungwe la W3C m'chaka cha 2001, ndipo Chrome kapena Firefox imatsegula fayilo yake popanda kugula chilichonse.

Popeza SVG ndi mawu ndi manambala basi, pulogalamu yolemba mawu imatha kuilemba monga mmene imalembera kalata. Apa ndi pamene pali phindu, ndipo vuto lili pomwepanso. Polemba, pulogalamuyo siikuona chimene chikutuluka. Ili ngati munthu amene akuuza mmisiri miyezo ya nyumba pafoni koma sanafikepo pamalopo. Nthawi zambiri miyezo imakhala yolondola. Ikalakwika, mawu ake amaoneka odalirika chimodzimodzi.

Nayi mbali yaikulu ya baji ya anawa, itakonzedwa:

```
<svg xmlns="http://www.w3.org/2000/svg" viewBox="0 0 200 200">
  <circle cx="100" cy="100" r="95" fill="green"/>
  <rect x="50" y="50" width="100" height="100" fill="white"/>
  <rect x="50" y="50" width="100" height="100" fill="white"
        transform="rotate(45 100 100)"/>
</svg>
```

Makolo musachite nazo mantha, zimawerengeka. Mzere woyamba ukuti pepala lathu ndi la magawo 200 m'lifupi ndi 200 m'litali. Magawowa si masentimita. Ndi miyezo chabe imene idzatambasuka kapena kufupika malinga ndi pamene tasindikiza. Mzere wachiwiri ndi chozungulira chobiriwira, pakati pake pa 100 ndi 100, kutanthauza pakati penipeni pa pepala, ndipo kuchoka pakatipo kufika m'mphepete ndi magawo 95. Kenako pakubwera masikweya awiri oyera ofanana, wachiwiri atapotozedwa madigiri 45. Masikweya awiri otere akasanjikizana amapanga nyenyezi ya nsonga 8, imene ambiri mwaionapo m'zokongoletsa za m'mizikiti ndi m'mabuku. Chimene chalembedwa pambuyo chimakhala pamwamba pa chimene chinalembedwa poyamba, ngati utoto. Mukaika chozungulira chija kumapeto, chiphimba nyenyezi yonse.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ngakhale ophunzira odziwa masamu. M'buku la masamu, nambala ya y ikamakula mumakwera m'mwamba. Mu SVG mumatsika. Poyambira kuwerenga, pa 0 ndi 0, ndi pakona ya kumwamba chakumanzere.

Fayilo imene anawa anabweretsa tsiku loyamba inali yosiyana ndi iyi pa malo amodzi okha. Pamene pali rotate(45 100 100) panali rotate(45) basi. Titatsegula, sikweya wachiwiri anali atathawira kumanzere chakumunsi, theka lake litadukira kunja kwa pepala. Wophunzira wina anati kompyuta yathu ndi yakale. Kompyuta inalibe mlandu. Mukapanda kutchula popotozera, SVG imapotoza chinthu mozungulira pakona ija ya 0 ndi 0, monga chitseko chimazungulira pa mahinjesi ake. Pakati pa sikweya, pamene panali pa 100 ndi 100, panakafika pa 0 ndi 141. Manambala awiri osowawo ndiwo amati: zungulira pakati pako pomwe. Mtsikana amene anazindikira izi sanachite kulosera. Anatenga pepala la magirafu, nkujambula, nkuona kumene sikweya akupita.

Wina anganene kuti cholakwika chotere chimaoneka ndi maso, ndiye palibe chifukwa chodziwira manambala. Ungobwereza mpaka zitakhala bwino. Pa cholakwika ichi ndikuvomera. Koma pali zolakwika zina zimene pasikirini sizioneka konse, ndipo zimenezi ndi zimene zimadya ndalama.

Chitsanzo ndi mwezi umene uli pakati pa nyenyezi. Njira yachidule yojambulira mwezi wongokhala kumene, imene mapulogalamuwa amaikonda, ndi iyi:

```
<circle cx="100" cy="100" r="30" fill="green"/>
<circle cx="111" cy="100" r="25" fill="white"/>
```

Chozungulira chobiriwira, kenako choyera chaching'ono pamwamba pake, chosunthidwa pang'ono kumanja. Chimene chatsala kuonekera ndi mwezi, ndipo pasikirini ndi wokongola ndithu. Koma m'fayilomo mulibe mwezi. Muli mbale ziwiri, ina itavundikira inzake. Bola kumbuyo kukhale koyera, chinyengocho sichidziwika. Tsiku limene tidzafune mwezi wokhawo pa jezi yachikasu, padzatuluka chigamba choyera pambali pake. Ndipo makina odula zomata, amene mpeni wake umatsatira mizere ya m'fayilo osati zimene diso likuona, adzadula zozungulira ziwiri zathunthu. Nyenyezi yathu ya masikweya awiri ili ndi vuto lomwelo: mpeni udzadutsa m'kati mwake kutsatira mbali za sikweya aliyense, pokhapokha titawalumikiza kukhala chinthu chimodzi.

Mwezi weniweni umajambulidwa ndi mzere umodzi wotsekeka, wa mauta awiri, wakunja ndi wam'kati. Kuti muulembe muyenera kudziwa pamene zozungulira ziwiri zija zikumanirana, chifukwa pamenepo ndiye pali nsonga za mwezi. Apa ndi pamene ndinasangalala monga mphunzitsi, chifukwa yankho lili m'lamulo la Pythagoras limene anawa analiphunzira kale nkumadandaula kuti adzaligwiritsa ntchito kuti. Tayesani malo a 118 ndi 76. Kuchoka pakati pa chozungulira chachikulu, malowa ali magawo 18 kumanja ndi 24 kumwamba. 18 kuchulukitsa ndi 18 ndi 324, 24 kuchulukitsa ndi 24 ndi 576, kuphatikiza ndi 900, amene ndi 30 kuchulukitsa ndi 30. Choncho malowa ali m'mphepete mwa chachikulu. Kuchoka pakati pa chaching'ono, ali magawo 7 kumanja ndi 24 kumwamba: 49 kuphatikiza 576 ndi 625, amene ndi 25 kuchulukitsa ndi 25. Ali m'mphepete mwa chaching'ononso. Nsonga yakumwamba ndi imeneyo, ndipo yakumunsi ili pa 118 ndi 124.

```
<path fill="green"
  d="M118 76 A30 30 0 1 0 118 124 A25 25 0 1 1 118 76 Z"/>
```

M akutanthauza kuti ika pensulo apa. A woyamba ndi uta wakunja, kuchoka pansonga yakumwamba, kuzungulira chakumanzere mpaka pansonga yakumunsi. A wachiwiri ndi uta wam'kati wobwerera kumwamba. Z akutseka.

Taonani tinambala tija 1 0 ndi 1 1 tili patsogolo pa malo ofikira. Pakati pa malo awiri, uta wa chozungulira cha kukula kumodzi ungathe kudutsa m'njira zinayi: ungakhale wautali kapena waufupi, ndipo ungayende motsata mivi ya wotchi kapena mobwerera. Kanambala koyamba kamasankha utali, kachiwiri kamasankha kolowera. Apa mapulogalamu olemba mawu amaphonya kawirikawiri, chifukwa kusankha bwino kumafuna kuona chithunzicho m'maganizo. Mu uta wachiwiri, mukasintha 1 1 kukhala 0 0, uta wam'kati umatumphukira kunja, ndipo m'malo mwa mwezi wa pa 1 Ramadhani mumapeza chinthu chonga mwezi wathunthu wotupa mbali imodzi. Amene akudziwa ntchito ya tinambalati amakonza pa mphindi imodzi. Amene sakudziwa amangobwereza ntchito yonse, ndipo fayilo yatsopano imabwera mwezi uli bwino koma nyenyezi itasintha.

Mwezi utakonzedwa, mnyamata wina anati ukuoneka ngati wapendekera kumanzere, ngakhale manambala akuti uli pakati. Ananena zoona. Chozungulira chimene mweziwo unachokera ndicho chili pakati, koma mwezi weniweniwo ukuyambira pa 70 nkuthera pa 118, ndiye pakati pake ndi pa 94. Tinausunthira kumanja magawo 6. Palibe cholakwika chimene chinali m'malangizo. Linali diso la munthu limene linaona.

Tsopano za zilembo, ndipo apa ndikupempha a komiti amvetsere. Mu SVG, mawu olembedwa ndi `<text>` sasunga maonekedwe a zilembo. Amangotchula dzina la fonti, kutanthauza mtundu wa zilembo, ndipo kompyuta imene yatsegula fayiloyo imafufuza fontiyo mwa iyo yokha. Ikapanda kuipeza imaikapo ina mwakachetechete. Dzina la sukulu limene linakwana bwino pa kompyuta yathu lingathe kusefukira kunja kwa baji pa kompyuta ya osindikiza. Chilembo chathu cha ŵ chingathe kutuluka chosiyana ndi zinzake, kapena kukhala kabokosi.

Ndi Chiarabu vutoli limakula. Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo zilembo zambiri zimasintha maonekedwe malinga ndi pamene zili m'liwu, koyambirira, pakati kapena kumapeto. Chrome imadziwa kuzilumikiza. Mapulogalamu ena osindikizira ndi odulira sadziwa, ndipo amatulutsa zilembo zomwazikana kapena zoyambira kolakwika. Wosindikiza amene sawerenga Chiarabu sangazindikire kuti chalakwika. Choipa koposa ndi pamene pulogalamu yolemba mawu yajambula zilembo za Chiarabu yokha ndi mauta ndi mizere: zimatuluka zinthu zofanana ndi zilembo kwa munthu wosadziwa, koma zosawerengeka.

Mankhwala ake ndi osavuta. Mawu alembedwe ndi munthu, ndi fonti yeniyeni, mu pulogalamu yaulere ya Inkscape. Mwalimu wa ku madrasa awawerenge chilembo ndi chilembo. Akavomereza, tisankhe mawuwo nkudina Path, kenako Object to Path. Zikatero zilembo zimasanduka zojambula, ndipo sizidaliranso fonti ya pa kompyuta ya wina. Tisungenso kope lina limene mawu ake sanasandutsidwe, chifukwa zikasanduka sizilembekanso. Mu Inkscape momwemo, Path kenako Union ndiyo imalumikiza masikweya awiri aja kukhala nyenyezi imodzi. Nkhani yoti kodi ayah kapena dzina la Allah liyenera kukhala pa jezi imene idzagwa m'matope ndi kuponyedwa m'beseni, imeneyo ndi ya mashehe athu, si ya mphunzitsi wa kompyuta. Ine ndingonena kuti mawu opatulika asamachokere ku makina amene saona chimene alemba popanda munthu wodziwa kuwawerenga.

Kwa makolo amene akuti ndi ulesi, nkhawa yanu ndikuimva, ndipo mbali ina mukulondola. Mwana amene wangokopera mizere imene sakuimvetsa nkuitcha ntchito yake sanaphunzire kanthu, ndipo wanamanso. Koma zimene ndinaona m'chipinda cha makompyuta sabata ija ndi ana akukangana za Pythagoras nthawi yopuma, chinthu chimene sindinachionepo m'zaka zonse ndakhala pano. Pulogalamu inawapatsa poyambira pamene pakanawatengera masabata kuti afikepo okha: kalembedwe kolondola, mayina a malamulo, dongosolo la fayilo. Inawapatsanso zolakwika zenizeni zoti azipeze. Mphunzitsi sangapemphe zoposa pamenepa.

Palinso amene afunsa za olemba zikwangwani ndi ojambula athu, ngati sitikuwalanda nsima. Funsoli ndi lachilungamo, ndipo sindinganame kuti palibe amene adzataye kaganyu. Koma malire a njirayi ndi oonekeratu. Imachita bwino pa zinthu za miyezo: zozungulira, masikweya, nyenyezi, mizere, chishango. Ikafika pa zamoyo imagwa. Anawa anayesa kuikapo nsomba ya chambo ndi dzanja logwira cholembera. Nsomba inatuluka ngati tsamba la mango lokhala ndi diso, ndipo dzanja silinadziwike kuti ndi dzanja. Mzere wokhotakhota wa chinthu chamoyo umafuna manambala ambirimbiri ogwirizana, ndipo kuwalemba osaona nkovuta. Zoona, mapulogalamu ena amatha kulandira chithunzi cha zimene zatuluka nkukonzako, ndipo akunka nawongokera. Komabe ngati komiti ikufuna buku lotsegula looneka bwino kapena malembedwe okongola a Chiarabu, tilipire wojambula, ajambule papepala, ife titsatire mizere yake mu Inkscape.

Chinanso, mapulogalamuwa anaphunzira pa zimene anthu ena analemba kale, ndiye amakonda kubweretsa zimene zili paliponse. Nyenyezi, mwezi ndi mtundu wobiriwira si za munthu mmodzi, koma zikasanjidwa mwa njira ina zingathe kufanana kwambiri ndi chizindikiro cha bungwe lina, sukulu ina, ngakhale mbendera ya dziko lina. Izi pulogalamu singatitsimikizire. Akuluakulu amene ayenda ndi kuona zambiri ndiwo angatiuze kuti ichi tinachionapo kwinakwake.

Ndiye pempho langa ku komiti ndi ili. Pamsonkhano wovomereza baji, musaonetsedwe pafoni pokha. Isindikizidwe kawiri: kamodzi yodzaza pepala lonse, kamodzi yaing'ono ngati chidindo, ya masentimita 3, ndipo yaing'onoyo ikhale ya inki yakuda yokha. Pa kukula kumeneko magawo 200 aja akukwana m'mamilimita 30. Mzere wa magawo 2, umene pasikirini umaoneka wonenepa bwino, umakhala wosakwana theka la milimita, ndipo pa chidindo cha labala ungathe kusowa kapena kumatana ndi unzake. Zilembo zotalika magawo 10 zimakhala milimita imodzi ndi theka, zoti agogo sangawerenge ngakhale atavala magalasi. Anawa anali atalemba dzina lonse la sukulu ndi mwambi wake mozungulira baji. Titasindikiza yaing'ono, anachotsa okha mwambiwo.

Kenako wophunzira mmodzi atsegule fayiloyo mu Notepad pamaso panu, ndipo wina wa inu aloze nambala iliyonse imene wafuna nkufunsa kuti ikasintha chichitike nchiyani. Simukufunika kudziwa kompyuta kuti muchite zimenezi. Mwana ayankhe, asinthe nambalayo, ndipo nonse muone ngati zimene ananena zachitika. Poyang'anamo aonetsetsenso kuti mulibe `<image>`, chifukwa chimenecho ndi chithunzi cha madontho chobisala m'fayilo ya vekita, ndipo chidzatibwezera ku mano a sowo aja. Musakhalenso `<script>`, amene ndi malangizo oti kompyuta ichite zinthu. Baji siifuna zimenezo.

Kwa inu ophunzira amene mukufuna kuyesa: lembani mizere ili pamwambayi mu Notepad, ndipo posunga sankhani All files nkutchula fayiloyo baji.svg, apo ayi idzasungidwa ngati baji.svg.txt ndipo Chrome idzangokuonetsani mawu. Mzere wa mwezi muuike pamwamba pa `</svg>`, pambuyo pa masikweya, kuti usaphimbike. Fayilo yonseyi siikwana ngakhale kilobaiti imodzi, ndiye bando yanu siimva kanthu. Potumiza kwa osindikiza pa WhatsApp, itumizeni ngati Document, osati kujambula sikirini. Kope limodzi likhale pa kompyuta ya ku ofesi, lina pa fulashi ya a komiti, ndipo mizere yakeyo tiisindikizenso papepala nkuiika m'kabati ya ahedi. Ikadzasowanso, wa Fomu 1 aliyense angathe kuilembanso pa mphindi khumi.